Taifodi: kutsika kwa kutentha thupi sikutanthauza kuti wodwala wachira

Nthenda ya taifodi imayamba mwakachetechete. Kachilombo kake, kotchedwa Salimonela Taifi, kakalowa m'thupi pamadutsa sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina mwezi wathunthu, munthu asanamve kanthu. Kenaka thupi limayamba kutentha, ndipo kutenthako kumakwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku mpaka kufika madigiri 39 kapena 40. Mutu umawawa, m'mimba mumapweteka, chilakolako cha chakudya chimatha. Akuluakulu ambiri amadzimbidwa pamene ana kawirikawiri amatsegula m'mimba.

Vuto ndi lakuti zizindikirozi n'zofanana ndi za malungo, choncho ambiri amataya sabata yoyamba akumwa mankhwala a malungo. Ngati magazi ayezedwa ndipo malungo sanapezeke, kapena mankhwalawo atha koma thupi likutenthabe, taifodi iyenera kuganiziridwa. Njira yodalirika yoitsimikizira ndi kutenga magazi n'kuwasunga m'chipinda choyezera kwa masiku angapo kuti kachilomboko kamere ndi kuoneka. Kuchedwa kuli ndi mtengo wake: chakumapeto kwa sabata yachiwiri kapena m'sabata yachitatu matumbo akhoza kukha magazi kapena kubooka, ndipo pamenepo pamafunika opaleshoni yamsanga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linayerekeza kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 9 miliyoni anadwala nthendayi ndipo 110,000 anamwalira.

Kachilomboka kamakhala mwa anthu okha. Kamatuluka m'chimbudzi cha munthu n'kulowa m'kamwa mwa wina kudzera m'madzi kapena chakudya. M'mizinda, njira yake imodzi ndi yosaoneka ndi maso: madzi akasiya kutuluka m'mipopi, mapaipi ong'ambika amayamwa madzi oipa a pansi, kuphatikizapo otayika kuchokera m'masuweji, ndipo madzi akabweranso zoipazo zimafika m'ndowa. Dera la Mbare mumzinda wa Harare linakhudzidwa ndi mliri wa taifodi kuyambira chaka cha 2017, ndipo mu 2019 dziko la Zimbabwe linapereka katemera m'madera ena a mzindawo. Madzi oyera pooneka si umboni wakuti ndi abwino. Ofunika ndi owiritsa kapena othira klorini. Chakudya chophikidwa bwino n'kudyedwa chotentha sichikhala ndi vuto. Choopsa ndi chimene chagwiridwa ndi manja chitapsa kale, komanso masamba osaphika otsukidwa m'madzi oipa. Amene akhala zaka zambiri ku Britain kapena ku America asadalire kuti thupi lawo linazolowera madzi a kwawo. Katemera alipo woti alandire asananyamuke ulendo.

Mankhwala ake alipo, ndipo dokotala amawalemba kwa masiku 7 mpaka 14 malingana ndi mtundu wake. Cholakwika chachikulu chimachitika pakati pa masiku amenewa. Mwachitsanzo, mayi wogulitsa zakudya wapatsidwa mapiritsi a masiku 7. Pa tsiku lachinayi kapena lachisanu thupi lazizira, wayambanso kudya, ndipo mapiritsi otsalawo wawasunga kuti adzathandize mwana akadzadwala. Koma kachilombo ka taifodi sikakhala m'magazi mokha. Kamabisala m'chiwindi, m'kapamba, m'mafuta a m'mafupa ndi mu ndulu, ndipo kutentha kumatsika tizilombo tobisalato tisanafe tonse. Pakatha sabata imodzi, ziwiri kapena zitatu, nthenda ikhoza kuyambiranso.

Ngakhale isayambirenso, mayiyo akhoza kupitiriza kutulutsa tizilombo m'chimbudzi uku akudzimva wathanzi. Mwa anthu 100 alionse odwala taifodi, awiri mpaka asanu amasunga kachilomboka mu ndulu kwa chaka kapena kuposerapo, makamaka amene ali ndi timiyala mu ndulumo. Wodziwika kwambiri m'mbiri ndi Mary Mallon, wophika wa ku New York, amene anapezeka nako mu 1907 atadwalitsa mabanja angapo iye mwini osadwala. N'chifukwa chake ku Britain wogwira ntchito yophika kapena yosamalira odwala saloledwa kubwerera ku ntchito mpaka chimbudzi chake chitayezedwa kangapo n'kupezeka chilibe kachilombo.

Palinso nkhani ya tizilombo tosamva mankhwala, timene timachuluka pamene mankhwala agwiritsidwa ntchito mosayenera. Mumzinda wa Blantyre, taifodi yosamva mankhwala atatu akale inawanda kuyambira chaka cha 2011. Ku Pakistan, mu 2016, kunabuka mtundu wina umene unasiyira madokotala mankhwala ochepa kwambiri. Choncho wodwala amene thupi lake likutenthabe patatha masiku asanu mpaka asanu ndi awiri akumwa mankhwala asasiye yekha kapena kukagula ena pa golosale, koma abwerere kuchipatala kuti aone ngati mankhwalawo akufunika kusinthidwa.