Mizere imene wojambula sanajambule

Kamera ikaima, dambo la mu gemu limaoneka bwinobwino, udzu wobiriwira wokhawokha. Koma munthu wa mu gemuyo akangoyamba kuyenda, pa udzupo pamatulukira timizere topyapyala ngati ulusi, tikuphethira, kuoneka ndi kuzimirira. Nditaziona koyamba pa kagemu kanga ndinathamangira kukakuza zithunzi zija, kufufuza pamene dzanja linaterereka. Zithunzi zinalibe banga.

Dziko la magemu ambiri otere limayalidwa ngati matailosi a pansi m'nyumba. Wojambula amakonza tizithunzi ta makona anayi, mwachitsanzo ta mapikiseli 16 m'litali ndi 16 m'lifupi, n'kutiika tonse pa chithunzi chimodzi chachikulu mothithikana: udzu apa, madzi pambali pake, kenako mwala. Gemu imatenga tailosi ya udzu pamenepo n'kuiyala kambirimbiri. Zoti pa chithunzi chachikulucho udzu wagundana ndi madzi, wosewera sayenera kuzidziwa. Timizere tija ndi tomwe timaulula.

Kamera yoyenda mapikiseli 50 pa sekondi, mu gemu yojambula ka 60 pa sekondi, imasuntha pafupifupi 0.83 ya pikiseli ulendo uliwonse. Sikirini ilibe theka la pikiseli. Tiyerekeze kuti kamera yafika pa 10.3. Tailosi yoyamba ya udzu imathera pa 16, ndiye pa sikirini malire ake agwera pa 5.7, m'kati mwa pikiseli yoyambira pa 5 kulekeza pa 6. Kompyuta imaona pakati pa pikiseliyo, pa 5.5, n'kupeza kuti ili mu tailosi ya udzu, pa 15.8. Tsono pakati pa kadontho komaliza ka udzu ndi pa 15.5, ndipo pakati pa kotsatira ndi pa 16.5. Ngati yauzidwa kusalaza zithunzi, imasakaniza tiwiriti: magawo 70 pa 100 a udzu, 30 a kotsatirako. Kotsatirako sikachokera pa dambo ayi, koma pa chithunzi chachikulu chija, pomwe pali madzi. Zikachitika pa tailosi iliyonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, mzere wa buluu wabadwa. Kamera ikakhala pa 10 yeniyeni, ndipo chithunzi sichinakuzidwe, pikiseli iliyonse imagwera pakatikati pa kadontho kake, osasakaniza kanthu. N'chifukwa chake mzere umaphethira.

Musanakonze, dziwani kaye matenda ake. Sinthani mtundu wa kumbuyo kwa matailosi ukhale pinki yowala. Mizere ikasanduka pinki, pali mpata weniweni pakati pa matailosi, kapena tailosiyo ikusakanizidwa ndi malo opanda kanthu. Ikakhalabe ya buluu, mtunduwo ukudontha kuchokera kwa mnansi.

Mankhwala oyamba ndi kuletsa kusalazako. Mu Unity, `Filter Mode` ya chithunzi ikhale `Point (no filter)`. Mu Phaser mumalemba `pixelArt: true`. Ambiri amalekera pamenepa, koma mizere nthawi zina imabwerabe, chifukwa malire akagwera ndendende pakati pa pikiseli, kakulakwitsa kochepetsetsa pa masamu kamakwana kuti kompyuta itole kadontho ka mnansi.

Achiwiri ndi kuikhazika kamera pa nambala yathunthu pojambula:

```js
const drawX = Math.round(camX * zoom) / zoom;
```

Onani kuti `camX` sitinaigwire. Ine ndinalakwa pomwepa: ndinkadula `camX` yeniyeniyo, ndipo kamera yoyenda 0.4 ulendo uliwonse inangoti njo, chifukwa 10.4 imabwerera pa 10, ulendo wotsatira chimodzimodzi. Nambala ya `zoom` nayonso ikhale yathunthu. Pa 3, tailosi imakhala mapikiseli 48; pa 1.7 imakhala 27.2, ndipo malire amagweranso m'kati mwa mapikiseli ngakhale kamera itakhala pabwino.

Amene ndimawadalira kwambiri ndi achitatu, chifukwa amagwira ntchito ngakhale gemu ikufuna kusalaza kapena kukuza pang'onopang'ono. Mumabwereza timadontho ta m'mphepete mwa tailosi iliyonse kunja kwake, pikiseli imodzi mbali zonse zinayi. Tailosi ya 16 imatenga malo a 18, koma gemu imajambulabe 16 zam'kati. Ikasefukira, imatola udzu womwewo. Kungosiya mpata wopanda kanthu sikuthandiza: mzere wa buluu umangosanduka wakuda kapena woonekera kumbuyo.

Mukatero, muiuze gemu kuti matailosi asuntha. Mu Tiled ndi mu Phaser, `margin` ikhale 1 ndipo `spacing` ikhale 2, popeza pakati pa matailosi awiri pali pikiseli yowonjezera ya uyu ndi ya uyo. Mukaiwala n'kusiya 0, tailosi yoyamba imaphonya ndi pikiseli imodzi, yachiwiri ndi zitatu, yachitatu ndi zisanu, mpaka pa malo a madzi patulukira chidutswa cha udzu.