Tichongi ta buluu sitinena zonse

Chiyambire 2014, pamene WhatsApp inabweretsa tichongi ta buluu, anthu ambiri akwiyirana chifukwa cha tizizindikiro timeneti. Munthu akangoona kuti tabiriwira, mtima umayamba kuwawa: wawerenga, nanga bwanji sakuyankha? Komatu zimene foni imadziwa ndi zochepa kwambiri.

Kachongi kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yanu. Tiwiri totuwa timasonyeza kuti wafika pa foni ya mnzanuyo. Tikasanduka ta buluu, ndiye kuti malo ochezera a inu ndi iye atsegulidwa uthengawo ulipo. Basi. Foni sidziwa amene watsegula, ndipo sidziwa ngati maso ake anadutsadi m'mawuwo.

Tiyerekeze kuti mayi wina ku Dedza walembera achimwene ake amene ali ku Joni kuti fizi ya mwana ikufunika Lolemba. Pasanathe mphindi, tichongi tabiriwira, koma mpaka madzulo kuli zii. Mwina achimwenewo anasiya foni pa tebulo malo ochezerawo ali chitsegulire, choncho uthenga unabiriwira wokha pofika. Mwina foni inali m'manja mwa mwana amene amangodinadina. Mwinanso anawerengadi n'kulemba yankho, koma bandulo inali itatha. Zikatero yankholo limangokhala pa foni yawo ndi kachizindikiro ka wotchi, pomwe mlongo wawo sakuona kanthu.

Palinso chifukwa china chimene si cha makina. Pempho la ndalama siliyankhidwa ngati moni. Munthu amafuna aone kaye zimene zili m'thumba, mwinanso akambirane ndi akunyumba. Ali mkati moganiza, mauthenga ena amabwera n'kukankhira wanuwo pansi, ndipo poti unatsegulidwa kale, foni simukumbutsanso.

Mbali inayo, tichongi totuwa si umboni woti munthu sanawerenge. Amene wawerenga uthenga pa kachidziwitso kamene kamatulukira pamwamba pa foni, osalowa mu WhatsApp, sabiriwitsa tichongi. Wina amazimitsiratu `Read receipts` pansi pa `Privacy`, ndipo akatero nayenso saona ngati ena awerenga ake. M'magulu kuzimitsaku sikugwira ntchito. M'menemo tichongi timabiriwira pokhapokha onse atatsegula, ndipo mukafuna kudziwa amene atsegula kale mumadina uthenga wanuwo n'kusankha `Info`.

Choncho musaweruze m'bale wanu ndi umboni woperewera chonchi. Lembani funso lomveka, mutchule tsiku limene mukufuna yankho, ndipo nkhani ikakhala ya matenda, maliro kapena ndalama zachangu, imbani foni. Inunso amene mwawerenga koma simungathe kuyankha nthawi yomweyo, lembani mawu ochepa chabe: "Ndaona achemwali, ndiyankha madzulo." Mukatero mwamuchotsera mnzanu nkhawa ya tsiku lonse.