Mphika Wasweka: Zimene Mutu wa Buku Umaulula

Mwana akagwetsa mphika sanena kuti "ndaswa mphika." Amati "mphika wasweka," ngati kuti mphikawo unadzigwetsa wokha. Mayi aliyense amadziwa kuti m'mawu amenewo mwabisala munthu. Khutu limene mayiyu amamvera nalo ndi limenenso wolemba chimangirizo ayenera kumvera nalo mutu wa nthano yaitali asanalembe chiyambi chake.

Titenge buku la Chinua Achebe wa ku Nigeria, Things Fall Apart, lomwe linatuluka mu 1958, dzikolo litatsala zaka ziwiri kuti lilandire ufulu. Mutuwu ukunena za kuphwasuka kwa zinthu, koma sukutchula wozigumula. Ophunzira ambiri amangoulemba pamwamba pa pepala, n'kuutsekera mzere kunsi, kenaka n'kuyamba ndi chaka chimene Achebe anabadwa. Zimandipweteka mtima, chifukwa funso labwino la chimangirizo chonse lili pamutu pomwepo, ndipo amalidumpha: kodi Umuofia, kwawo kwa Okonkwo, anaugwetsa ndi azungu, kapena unali kale ndi ming'alu?

Tsegulani tsamba lotsatira. Nkhani isanayambe, Achebe anaikapo mizere inayi yobwereka. Mawu otsogolera otere amachokera kwa mlembi wina, ndipo mwini buku amawaika pakhomo dala. Awa ndi chiyambi cha ndakatulo ya W. B. Yeats wa ku Ireland, The Second Coming, yomwe anailemba mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha. Mutu wa bukuli unachokeranso m'mizere yomweyi. Muli chithunzi cha kabawi woweta amene akuuluka mozungulira, kunka natalikira, mpaka mwini wake akamuitana samvanso.

Apa m'pofunika kufatsa. Kudziwa kumene mawu achokera n'chiyambi chabe. Ntchito ndi kufunsa zimene mawuwo ankatanthauza kwawo, ndi zimene asanduka atasamuka. Yeats ankaona nyengo ya Chikhristu, ya zaka pafupifupi 2,000, ikufika kumapeto, ndipo ankaopa chilombo chimene chikubwera m'malo mwake. Kwa Achebe zatembenuka. Dziko ladongosolo, la milandu yoweruzidwa pabwalo ndi zikondwerero za zilazi zatsopano, ndi la Aigbo. Chachilendo chimene chikufika ndi amishoni ndi boma la atsamunda. Watenga mantha a Mzungu n'kuwaika m'maso mwa anthu amene Mzunguyo anawapeza.

Chiyambi chogwira mtima chikhoza kumveka chonchi: "Achebe anatcha buku lake dzina losatchula wolakwa, ndipo analitsegula ndi mbalame yosamva mwini wake. Chimangirizo ichi chionetsa kuti Umuofia unagwa chifukwa alendo anafika pa nthawi imene ana ake ena anali atasiya kale kumva mawu a makolo." Ziganizo ziwiri zokha, koma wowerenga wadziwa kumene tikupita.

Tsono ganizo lotere liyenera kuyesedwa ndi nkhani yeniyeniyo, apo ayi ndi malodza chabe. Kodi ndani anasiya kumva? Nwoye, mwana wa Okonkwo, mtima wake unaduka tsiku limene anazindikira kuti Ikemefuna, mnyamata amene ankamutenga ngati mkulu wake, waphedwa, bambo ake ali nawo. Amishoni anali asanafike. Atafika, ena mwa amene anawatsatira anali osu, anthu osalidwa, komanso mayi amene ana ake amapasa ankatayidwa kunkhalango. Kumapeto, Okonkwo atapha mesenjala wa khoti, anthu ake sanadzuke naye. Anasiya amesenjala ena kuthawa. Woitana uja waitana, palibe woyankha. Ngati simungapeze malo awiri kapena atatu otere m'buku, dziwani kuti tanthauzolo mwalipanga nokha.

Cholakwika china ndi kuika mawu otsogolera m'kamwa mwa mwini buku, n'kulemba kuti Achebe akuvomereza zonse za Yeats. Kubwereka sikuvomereza. Yeats akunena za chipwirikiti chopanda mwini, pomwe Achebe akutionetsa nkhope za amene anamanga atsogoleri a Umuofia, kuwameta mipala ndi kuwalipitsa. Pamene awiriwa akusiyana m'pamene chimangirizo chimapeza nyama.

Ndipo Achebe mwiniyo ankadziwa kulemera kwa mutu wa buku. Nthano yake imathera pa mutu wa buku lina. Bwana Disi, ataona mtembo wa Okonkwo uli lende pamtengo, akuganiza za buku limene akulemba, lonena za "kukhazika bata" pakati pa mitundu ya kumunsi kwa mtsinje wa Niger. Akuyesa m'mutu mwake malo amene munthu ameneyu angapeze m'bukumo: mwina osati chaputala chonse, koma ndime imodzi. Ife tawerenga machaputala 25 a moyo wake.