Kusomeka Kapena Kuwotcherera: Kiyibodi Yoyamba Tiyambire Pati?

Pansi pa batani lililonse la kiyibodi yamakaniko pali swichi yokhala ndi timiyendo tiwiri tachitsulo. Timiyendoti timalumikizidwa ku bolodi m'njira ziwiri: kutisomeka m'masoketi, kapena kutiwotcherera ndi mtovu.

Taganizirani kiyibodi yaing'ono ya mabatani 61. Mukasankha kuwotcherera, muli ndi mfundo 122 zoti mumange, chitsulo chitatentha pafupifupi madigiri 350. Mfundo yabwino imaoneka ngati kachulu kosalala. Ikakhala yotumphuka ngati kampira, ndiye kuti mtovu sunagwire, ndipo batanilo limalemba mwa apo ndi apo. Swichi ikafa, muyenera kusungunula mtovu n'kuuyamwa, ntchito imene anthu ongoyamba kumene amawonongera bolodi. Komabe mfundo yogwira bwino sigwedezeka kwa zaka zambiri.

Bolodi ya masoketi, monga a Kailh, sifuna moto. Mumangokankha swichi mpaka italowa, ndipo ikapanda kukusangalatsani mumaizula ndi kachipanira. Ngozi yake ili pa timiyendo. Kamodzi kakapindika, batani silimalemba konse: zulani swichiyo, wongolani kamwendoko, bwezerani. Mukakankha mwamphamvu timiyendo tisanalunjike, soketi imatha kumatuka ku bolodi, choncho muziichirikiza ndi chala kuseri kwake.

Wongoyamba kumene nthawi zambiri amakhala asanadziwe ngati amakonda swichi yolimba, yofewa kapena yaphokoso. N'chifukwa chake masoketi ndiwo amamuyenera, chifukwa akalakwitsa kusankha amangosintha swichi, bolodi ili yomweyo. Kuwotcherera aphunzire kaye pa kabolodi kakang'ono ka mabatani ochepa.