Tchati cha pa Posita: Kukula kwa Zilembo, Mizere ndi Madontho

Posita ya pamsonkhano wa akatswiri imawerengedwa ndi munthu woimirira, wotalikira mita imodzi kapena iwiri, amene nthawi zambiri amayamba ndi tchati asanawerenge mawu ena alionse. Tchaticho chimapangidwa pa kompyuta, pamene maso amakhala pafupi ndi sikirini ndipo chilichonse chikhoza kukulitsidwa ndi chala. Papepala mwayi umenewo palibe. Chimene chasindikizidwa chimakhala momwemo mpaka msonkhano utatha. Nchifukwa chake muyezo umene umalamulira zonse ndi kukula kumene tchati chidzakhale nako papepala, m'masentimita. Zilembo, mizere ndi madontho zimawerengeredwa kuchokera pa muyezo umenewo.

Kuyeza malo a tchati

Misonkhano yambiri imapempha posita ya A0, yomwe ndi mamilimita 841 m'lifupi ndi 1189 m'litali. Ina imapempha A1, ya mamilimita 594 ndi 841. Okonza msonkhano amanena kukula kwake ndiponso ngati positayo ikhale yoimirira kapena yogona, ndipo zimenezi ziyenera kudziwika ntchito isanayambe.

Chitsanzo chabwino ndi posita ya A0 yoimirira, yogawidwa m'mizati itatu, yokhala ndi tchati choonetsa mvula ya mwezi uliwonse m'maboma awiri. Pa mamilimita 841 aja, 30 amasiyidwa opanda kanthu m'mphepete monse muwiri, ndipo 20 amasiyidwa pakati pa mzati ndi unzake. Otsala ndi 741, ndipo akagawidwa patatu mzati uliwonse umapeza mamilimita 247. Choncho tchati cha masentimita 24 m'lifupi ndi 18 msinkhu chimakwana bwino mumzati umodzi. Mapulogalamu ambiri amayeza m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54, kotero tchatichi ndi mainchi 9.45 ndi 7.09. Manambala amenewa ndi amene amalembedwa mu pulogalamu yojambulira tchati, kaya ndi Excel, R kapena Python, kuti chituluke chili kale pa kukula kwake komaliza.

Zilembo

Kukula kwa zilembo kumayezedwa m'mapoyinti. Mu inchi imodzi muli mapoyinti 72, kutanthauza kuti poyinti imodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Zilembo za mapoyinti 24 zimatenga malo okwana mamilimita 8.5 msinkhu, koma chilembo chachikulu chenichenicho, monga cha Arial, chimangofika mamilimita 6. Zimenezi ndi zimene munthu wa maso abwino amawerenga mosavutika atatalikira mita imodzi ndi theka. Ndi chifukwa chake anthu ozolowera ntchitoyi salemba mawu a m'ndime za posita ndi zilembo zochepera mapoyinti 24.

Mawu a m'tchati amatsatira muyezo womwewo. Mayina a mbali ziwiri za tchati, monga «Mvula m'mamilimita» ndi «Mwezi», amayenera mapoyinti 22 mpaka 24. Manambala a m'mbali akhoza kutsikirako pang'ono, pakati pa 18 ndi 20, koma asapitirire apo. Mutu wa tchati ukhoza kufika 28. Njira yachidule yoonera ngati zili bwino ndi kuyerekeza mawu a m'tchati ndi ndime yoyandikana nayo: ngati a m'tchati akuoneka ngati ana pafupi ndi akuluakulu, ndiye kuti achepa.

Vuto lofala limabwera chifukwa chokoka tchati. Pulogalamu ya Matplotlib ikasiyidwa osasinthidwa imapanga chithunzi cha mainchi 6.4 m'lifupi, ndi zilembo za mapoyinti 10. Chithunzicho chikaikidwa pa posita n'kukokedwa mpaka mainchi 9.45, chilichonse chimakula ndi 1.48. Zilembo zija zimafika mapoyinti pafupifupi 15, omwe ndi ochepabe kwa munthu woima patali. Matchati ena akakokedwa mosiyana, posita imodzi imakhala ndi zilembo zazikulu apa ndi zazing'ono apo, ngakhale zonse zinachokera mu pulogalamu imodzi. Masamu ake ndi osavuta: kukula kwa chilembo papepala ndi kukula kwake mu pulogalamu kuchulukitsa ndi mmene chithunzi chakokedwera. Tchati chikapangidwa pa kukula kwake komaliza n'kuikidwa pa 100 peresenti, mapoyinti 22 amakhalabe 22.

Zilembo zazikulu zimadya malo, ndipo apa mpamene ambiri amabwerera m'mbuyo n'kuzichepetsanso. Pa tchati cha mvula chija, mbali yakumanzere imatenga masentimita pafupifupi 4 a dzina ndi manambala, n'kutsala 20 ogawira miyezi 12. Mwezi uliwonse umapeza malo osafika masentimita awiri. Dzina lakuti Sepitembala, likalembedwa ndi mapoyinti 20, limafuna masentimita pafupifupi 4, ndiye mayinawo amakwerana. Njira yoyenera ndi kudula mawu, osati zilembo. Jan, Feb, Mal ndi ena otero amakwana bwino. Manambala a mvula nawonso akhoza kulembedwa modumphadumpha, pa 0, 100, 200 ndi 300, m'malo molemba pa makumi awiri alionse. Kabokosi kofotokoza mizere kakhoza kuchotsedwa, dzina la boma lililonse n'kulembedwa kumapeto kwa mzere wake. Kupendeketsa mawu kuti akwane kumakakamiza wowerenga kupendeketsanso mutu.

Mizere

Kunenepa kwa mzere kumayezedwanso m'mapoyinti, ndipo kumakula kapena kuchepa limodzi ndi chithunzi monga mmene zilembo zimachitira. Mzere wa poyinti imodzi umaoneka bwino pa sikirini chifukwa sikirini imawala, koma papepala ndi kaulusi kosafika theka la milimita. Pa posita, mizere yonyamula zotsatira za kafukufuku imayenera mapoyinti 2.5 mpaka 4, ndipo mapoyinti atatu ndi pafupifupi milimita imodzi. Mizere ya m'mbali mwa tchati imakwanira ndi mapoyinti 1.5. Mizere yothandiza diso kumbuyo kwa tchati ikhale pakati pa 0.75 ndi 1, ya mtundu wotuwa, kuti isapikisane ndi zotsatira. Chofunika kwambiri ndi kusiyana kumeneku: mzere wonenepa kuposa yonse ukhale umene ukunena nkhani. Timadontho kapena timabwalo toonetsa muyezo wa mwezi uliwonse tikhale tokulirapo kuposa mzerewo, mapoyinti 8 mpaka 10, apo ayi timamira mumzeremo.

Mtundu wa mzere umakhudzanso kuoneka kwake. Sikirini imasakaniza kuwala, pamene makina osindikizira amasakaniza inki, ndipo mitundu yowala kwambiri imatuluka yozimirira papepala. Mzere wachikasu papepala loyera umasowa ngakhale utanenepa. Kufiira ndi kubiriwira sikusiyanitsika bwino kwa anthu ena, makamaka amuna, amene maso awo sazindikira mitundu iwiriyi. Pa maboma awiri aja, limodzi likhoza kupatsidwa mzere wathunthu wabuluu wakuda ndipo linalo mzere woduladula wa mtundu wa lalanje. Atatero, tchaticho chimamvekabe ngakhale mitundu itasokonekera posindikiza.

Madontho

Chithunzi cha pa kompyuta chimasungidwa m'njira ziwiri. Mafayilo a PNG ndi JPEG amasunga timabokosi tating'ono ta mitundu, totchedwa mapikiselo, ndipo chiwerengero chake sichisintha. Chithunzi chikakokedwa, timabokosito timangokula mpaka kuonekera ngati masitepe m'mphepete mwa zilembo. Mafayilo a PDF ndi SVG, akatuluka mwachindunji mu pulogalamu yojambulira, amasunga malangizo ojambulira mzere ndi chilembo chilichonse, kotero amakhala akuthwa pa kukula kulikonse. Pa tchati cha mizere ndi manambala njira yachiwiriyi ndi yoposa. Komabe chithunzi cha PNG chikangokutidwa mu PDF sichisanduka chakuthwa, chifukwa mapikiselo ake amakhala omwe aja.

Pamene mapikiselo sangapeweke, kuchuluka kwake kumayezedwa ndi dpi, kutanthauza madontho pa inchi imodzi ya pepala. Diso la munthu woima pa mita imodzi limasiyanitsa tinthu totalikirana pafupifupi mamilimita 0.3, zomwe ndi madontho pafupifupi 90 pa inchi. Choncho 150 dpi ndi muyezo wotsika umene umakwanira pa posita, ndipo 300 dpi imathandiza kwa amene amayandikira kuti aone manambala. Tchati cha mainchi 9.45 ndi 7.09 chimafuna mapikiselo 1417 ndi 1063 pa 150 dpi, kapena 2835 ndi 2126 pa 300 dpi. Chithunzi cha Matplotlib chosasinthidwa chija chili ndi mapikiselo 640 okha m'lifupi. Akagawidwa ndi mainchi 9.45 amapereka 68 dpi, ndipo kusalongosoka kwake kumaoneka ngakhale patali. Chithunzi chojambulidwa pa sikirini kapena chotumizidwa pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chimagwa m'vuto lomwelo. Kusintha nambala ya dpi pa fayilo yaing'ono sikubweza zimene munalibe kale. Tchaticho chiyenera kutulutsidwanso kuchokera mu pulogalamu imene inachipanga. Pakati pa PNG ndi JPEG, tchati chimafuna PNG, chifukwa JPEG imasiya litsiro kuzungulira zilembo ndi mizere.

Mu Matplotlib, zonsezi zimakwana m'mizere isanu:

```python
plt.rcParams["font.size"] = 22
fig, ax = plt.subplots(figsize=(24/2.54, 18/2.54), layout="constrained")
ax.plot(miyezi, mvula, linewidth=3, marker="o", markersize=9)
fig.savefig("tchati.pdf")
fig.savefig("tchati.png", dpi=300)
```

Posita yopangidwa pa theka

Anthu ena amakonza posita pa tsamba la A2, la mamilimita 420 ndi 594, n'kupempha osindikiza kuti ayikulitse kawiri kufika pa A0. Njirayi imagwira ntchito ngati masamu akumbukiridwa. Zilembo za mapoyinti 12 zidzatuluka 24, mzere wa 1.5 udzatuluka 3, koma chithunzi cha 300 dpi chidzatsika kufika 150. PowerPoint imalola tsamba lofika mainchi 56, ndipo A0 ndi mainchi 33.1 ndi 46.8, kotero palibe chokakamiza kupanga posita ya A0 pa theka. Pulogalamuyi ikhozanso kuchepetsa mapikiselo a zithunzi posunga fayilo, ndipo zimenezi zimaletsedwa posankha `Do not compress images in file`. Fayilo yopita kosindikiza ikhale PDF yokhala ndi zilembo zake mkati, kuti kompyuta ya osindikiza isalowetse mtundu wina wa zilembo umene ungasokoneze malo a mawu.

Kuyesa posita isanasindikizidwe

Kusindikiza A0 n'kodula, koma mapepala awiri a A4 amaulula zolakwika zambiri. Loyamba ndi posita yonse yochepetsedwa kufika pa A4, yomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a A0 m'lifupi. Pepalalo likagwiridwa masentimita 40 kuchokera kumaso limaoneka mmene posita idzaonekere kwa munthu woima pa mamita 1.6. Mawu alionse osawerengeka papepalali sadzawerengekanso pamsonkhano. Lachiwiri ndi tchati chokha, chosindikizidwa pa 100 peresenti popanda kuchikulitsa kapena kuchichepetsa. Tchati cha masentimita 24 ndi 18 chimakwana pa A4 yogona. Pepalalo limamatidwa pakhoma, rula imatsimikiza kuti m'lifupi mwake ndi masentimita 24, ndipo munthu amene sanachionepo amaima mapazi awiri kuchokera pakhomapo. Akatha kutchula dzina la mbali iliyonse, kuwerenga manambala ndi kusiyanitsa maboma awiriwo osayandikira, tchaticho chakonzeka kupita kosindikiza.