Mpunga wa mkaka wosapserera

Mpunga wa mkaka umafuna moto wochepa ndi poto wokhuthala pansi. Kapu imodzi ya mpunga imayamba yawiritsidwa m'makapu awiri a madzi mpaka madziwo ataphwa, kenaka n'kuthiramo makapu anayi a mkaka. Mkaka suchedwa kupserera, choncho pambaula makala amapungulidwa, ndipo mthiko umapalasa pansi pa poto mphindi zitatu zilizonse. Komabe kutakasa mwamphamvu, ngati akuvundula nsima, kumaphwanya mpungawo, n'kusanduka phala lonanda. Shuga amathiridwa kumapeto, mpunga utafewa, chifukwa akalowa msanga amaumata pansi. Poto amaphulidwa mpunga ukadali wamadzimadzi, popeza umalimba ukamazizira. Fungo lopserera likamveka, wapamwambawo umakhuthulidwira m'poto wina osakanda zapansi.