Samu yabwera pa foni: ikopereni bwino, kenako muiyese

Masiku ano ophunzira ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 pepala la masamu amalilandira ngati chithunzi cha pa WhatsApp. Wina wajambula mothamanga, pepala lili lopindika, chala chaphimba pakona. Zikatero vuto limayamba munthu asanagwire n'komwe cholembera, chifukwa kamzere ka mainasi ndi ka 2 kakang'ono kokhala pamwamba pa x ndi zimene zimayamba kuzimiririka. Ndiye choyamba kulitsani chithunzicho, mukopere samuyo m'kope, muifananize ndi chithunzi chizindikiro ndi chizindikiro.

Tiyeni titenge samu ya maikwezhoni awiri oyendera limodzi, imene m'kalasi amati saimoteniyasi:

2x + 3y = 13
3x − y = 3

Tikufuna x mmodzi ndi y mmodzi amene agwirizane ndi mizere yonse iwiri. Njira yake ndi kuchotsa chilembo chimodzi kuti titsale ndi chinzake. Mzere woyamba uli ndi 3y, wachiwiri uli ndi −y. Tikachulukitsa mzere wachiwiri wonse ndi 3, tipeza 9x − 3y = 9. Ndikuti wonse, chifukwa ambiri amachulukitsa za kumanzere zokha n'kuiwala 3 wa kumanja uja. Tsopano tikaphatikiza mzere umenewu ndi woyamba, 3y ndi −3y zithetsana, titsala ndi 11x = 22, kutanthauza kuti x = 2. Tikaika 2 ameneyu mu mzere wachiwiri, pakhala 6 − y = 3, choncho y = 3.

Apa ndi pamene anthu amatseka kope msanga. Yankho liyenera kubwezedwa m'samu kuti tione ngati likukwanadi, ndipo pali mzere woyenera kuyesamo. Popeza y tamupeza kuchokera mu mzere wachiwiri, mzere umenewo sungatitsutse ngakhale x atakhala wolakwika. Tayerekezani kuti mwaphonya n'kupeza x = 1. Mzere wachiwiri ukupatsani y = 0, ndipo mukayesa momwemo, 3 − 0 ndi 3 ndithu, zonse zioneka bwino. Woulula bodza ndi mzere woyamba, umene ukupatsani 2 m'malo mwa 13. Ndi x = 2 ndi y = 3, mzere woyambawo ukupereka 4 + 9, amene ndi 13. Apo ndiye mwakhoza.

Koma kuyesa kumeneku kuli ndi malire ake. Kumangotsimikiza kuti yankho likugwirizana ndi zimene mwakopera, osati zimene aphunzitsi analemba. Mainasi uja akaoneka ngati pulasi chifukwa cha khwinya la pepala, inu n'kulemba 3x + y = 3, mupeza x = −4/7 ndi y = 33/7, ndipo mukayesa zikwana bwinobwino. Mwasova samu ina, osati yanu. Sikuti fulakishoni ndi mlandu, samu zina zimatha choncho, koma pa pepala loyeserera mukapeza manambala onyansa chonchi pamene samu zinzake zonse zikutha bwino, bwererani ku chithunzi. Ngati sichikuoneka, pemphani amene anatumiza ajambulenso poyera.

Samu za kwadiratiki, zija zokhala ndi x², nthawi zambiri zimakhala ndi mayankho awiri. Nayi imodzi:

x² − 2x − 15 = 0

Tikufuna manambala awiri amene tikawachulukitsa apereke −15, tikawaphatikiza apereke −2. Amenewo ndi −5 ndi 3. Choncho samu ikhala (x − 5)(x + 3) = 0. Zinthu ziwiri zikachulukitsana n'kupereka ziro, chimodzi mwa izo ndi ziro, ndiye x = 5 kapena x = −3. Onani kuti zizindikiro zatembenuka. Wolemba −5 ndi 3 ngati mayankho wangotola manambala a m'mabulaketi, ndipo kuyesa kumugwira pomwepo: 3 apereka 9 − 6 − 15, amene ndi −12, osati ziro. Manambala otere akakanika kupezeka pamafunika fomula, koma kayesedwe kake ndi komweka.

Mayankho onse awiri ayesedwe, lililonse palokha. La 5 silivuta: 25 − 10 − 15 ndi ziro. La −3 ndi limene limagwetsa anthu, makamaka odalira kakyuleta. Mukatayipa −3² makina a sayansi amene ophunzira amagwiritsa ntchito amayamba achulukitsa 3 ndi 3, kenako n'kuikapo mainasi, n'kukupatsani −9. Munthu amafufuta yankho lolondola poganiza kuti walakwa. Tayipani (−3)² ndi mabulaketi ake, mupeza 9. Nayenso −2 kuchulukitsa ndi −3 apereka 6 wa pulasi, ndipo 9 + 6 − 15 ndi ziro.